Mabuleki a Giredi Seveni

Temu yoyamba inafika sabata yachisanu ndi chitatu kalasi ya Mainess Miti ikadali pa mafulakishoni. Sikimu, lija pepala limene limauza mphunzitsi zoti aphunzitse sabata iliyonse, inapatsa mutu umenewu masabata awiri okha. Koma amene analemba sikimuyo sanaimepo kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi atatu ndi anayi m'chipinda chimodzi, ena atatu pa desiki, ena atakhala pansi mabuku ali pamaondo. Mainess ndiye ankaimapo, m'mawa uliwonse, atatsika minibasi yochokera ku Nabvutika n'kuyenda mtunda wamatope wopita kusukulu yawo ya kunjira ya ku Chiparamba.

Kuchedwaku sikunali ulesi ayi. Pa holide ya Disembala, Mainess anakhala masiku asanu pa maphunziro a aphunzitsi m'tauni ya Chipata, ndipo anabwerako mutu utatentha. Kumeneko anawauza kuti pafupifupi mwana aliyense angathe kudziwa masamu, kusiyana kwawo n'kwakuti wina amafuna masiku awiri pomwe wina amafuna khumi. Njira yake inali yosavuta kumva. Uphunzitse mutu, kenako upereke tesiti yaifupi ya mafunso khumi. Amene apeza asanu ndi atatu kapena kuposa, adziwa, ndipo uwapatse ntchito yovutirapo. Amene sanafike uwaphunzitsenso mwa njira ina, osati kubwereza mawu omwewo mokweza, kenako uwayesenso ndi mafunso atsopano a mtundu womwewo. Usachoke pa mutuwo mpaka audziwe. Mphunzitsi wa maphunzirowo anachita chitsanzo ndi ana makumi awiri obwereka kusukulu ya m'tauni, onse ovala nsapato, ndipo zinayenda ngati madzi a pampopi.

Chimene chinamugwira mtima Mainess chinali chakuti ankadziwa kale nkhope ya mwana wosiyidwa m'mbuyo. Inali nkhope ya Leticia Daka, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wamtali kuposa onse m'kalasimo, amene ankakhala kumbuyo atapinda msana kuti asaonekere. Chaka chimene anzake ankaphunzira mafulakishoni koyamba, iye anali kudwazika amayi ake. Atabwerera anangomukweza kalasi, chaka chotsatira n'kumukwezanso, mpaka anafika giredi seveni akuphatikiza 1/2 ndi 1/3 n'kupeza 2/5, manambala apamwamba paokha, apansi paokha. Atate ake ananena poyera kuti mayeso a boma a chaka chino akalephera, sukulu yathera pomwepo, azithandiza ku fodya.

Tsiku loyamba la mafulakishoni Mainess anamuitana pa buleki, nthawi yopuma.

"Leticia, chaka chino sitichoka pa mutu uwu mpaka iwe uudziwe. Wamva?"

"Ndamva, amadamu," anayankha mtsikanayo, akuyang'ana zala zake za kumapazi.

Lonjezo n'losavuta kupereka mu Januwale. Tesiti yoyamba, amene anafika pa zisanu ndi zitatu anali ana makumi awiri ndi atatu okha, ndipo Leticia anapeza ziwiri. Mainess sanagwe mphwayi. Anatuma ana kukatola zitsekerero za mabotolo kumagolosale, ndipo sabata yonse anagawa zitsekerero m'milu. Pa zitsekerero zisanu ndi chimodzi, theka ndi zitatu, gawo limodzi la magawo atatu ndi ziwiri, zonse pamodzi zisanu. Ana ena anatsegula pakamwa ataona kuti 5/6 ija ndi chinthu choti n'kuchigwira m'manja. Tesiti yachiwiri, ya mafunso atsopano, odziwa anakwana makumi asanu ndi mmodzi. Leticia anapeza zinayi. Yachitatu odziwa anafika makumi asanu ndi awiri, n'kutsala khumi ndi anayi okha, ndipo Leticia anapeza zisanu ndi chimodzi.

Ziwiri, zinayi, zisanu ndi chimodzi. Mwana anali akubwera, aliyense wamaso akanaona. Koma ankabwera wapansi, pomwe kalendala inali pa basi.

Lolemba la sabata yachisanu ndi chitatu ija, a Shepherd Ngoma anamuitanitsa. A Ngoma anali siniya ticha, mwini taimutebulo, munthu wofatsa amene anakulira m'nyumba ya aphunzitsi a mishoni ndipo ankasainira mabuku a anzake ndi cholembera chofiira chimene sankabwereketsa munthu. Ofesi yawo inali kachipinda kosungiramonso makasu ndi mipira yoboola. Anali atatsegula buku la Mainess lolembamo zimene waphunzitsa.

"A Miti, khalani pansi. Ndikuwerenga apa. Sabata yachitatu, mafulakishoni. Yachinayi, mafulakishoni. Yachisanu, mafulakishoni." Ananyambita chala n'kutembenuza tsamba. "Kodi mafulakishoni amenewa ndi achibale anu?"

"Atsala ana khumi ndi anayi okha, a Siniya."

"Ndipo madesimo, maperesenti ndi maresho atsala onse atatu. Mayeso a zoni, a masukulu onse a dera lino, ali sabata ya khumi ndi imodzi. Pepala limenelo salemba ndine, amalemba ndi anthu amene atsatira sikimu. Ana anu adzatsegula n'kupeza kuti mafunso atatu mwa anayi alionse sanawaonepo chibadwire."

"Nanga maperesenti adzawamva bwanji ngati sadziwa mafulakishoni? Peresenti si fulakishoni yomwe?"

"Zoona. Sindikukana." A Ngoma anavula magalasi. "Komanso ndaona kuti mapiriyodi anu a sayansi mukuwadyetsa masamu. Sayansi ili pa sabata yachinayi. Manje mukukumba dzenje ili kuti mukwirire ilo."

Zinali zoona. Kalasi imeneyo Mainess ankagawana ndi a Bizwell, mphunzitsi wa Chingerezi ndi maphunziro ena, iye akutenga masamu ndi sayansi, ndipo chimene akanaba chinali cha m'thumba mwake momwe.

"Ndikukupatsani mpaka Lachisanu," anatero a Ngoma. "Lolemba likubwerali ndikufuna kuona madesimo pa bolodi."

Masiku anayi! Anatuluka muofesimo akuwawerenga pa zala ngati munthu wopatsidwa munda, osadziwa kuti mundawo udyedwa ndi mbuzi asanaulime. Lachiwiri kunagwa mvula ya m'mamawa, kamtsinje ka kumunsi kanadzaza, ndipo asanu ndi awiri mwa ana khumi ndi anayi aja, Leticia yemwe, anafika masamu atatha. Lachitatu linali tsiku la mipikisano yothamanga, sukulu yonse kubwalo kuyambira belu loyamba. Mainess anaima padzuwa atagwira chingwe cha pothera mpikisano, ndipo anaona Leticia akupambana mamita mazana anayi popanda womuyandikira. Anaomba m'manja, koma mumtima ankalira mphindi zake makumi anayi.

Linatsala Lachinayi lophunzitsa ndi Lachisanu loyesa.

Kunena zoona, ngakhale m'masiku abwino mphindi makumi anayi zija sizinkakwana makumi anayi. Zisanu zinkathera kukhazika ana pansi. Ndiye panali nkhani ya odziwa kale aja. Ku maphunziro anati uwapatse ntchito yovutirapo, koma sanatchule kuti ntchitoyo ailemba ndani, pa bolodi iti, n'kuichonga nthawi yanji. Sabata yoyamba Mainess anayesetsa ndithu, n'kuwalembera mafunso a nkhani, za kugawa munda ndi matumba a mtedza. Sabata yachiwiri mafunso anachepa. Pofika yachitatu anangowauza kuti athandize anzawo, ndipo ana makumi asanu ndi awiri anazungulira ana khumi ndi anayi ngati anthu ozonda matenda.

Wotopa kwambiri anali Fortunate Zimba, mwana wa kalaliki wa kusitolo ya mbewu, amene anapeza khumi pa tesiti yoyamba yomwe ndipo kuchokera pamenepo anakhala akuyasamula masabata anayi.

"Amadamu," anatero Lachinayi lija atakweza dzanja mwaulemu wonse, "msuweni wanga wa ku tauni ali pa maperesenti. Ise tidzafika liti?"

"Tidzafika tonse pamodzi."

"Nanga mayeso a zoni adzatidikira?"

Kalasi inang'ung'udza movomereza. Mainess anafuna kumukalipira, koma akanamukalipira chiyani? Mwanayo sanalakwe, anangofunsa funso la a Ngoma ndi mawu aang'ono. M'malo mwake anamupatsa gulu la Leticia kuti alithandize, iye n'kukhala ndi anyamata asanu amene ankasokonezabe kuchotsera. Sanafike n'komwe pakati pamene belu linalira. Ndipo masana sakanatha kuwatsalitsa, chifukwa pa hafu thwelofu chipinda chimenecho chinkasanduka cha giredi foro. Nthawi imeneyo isanakwane, ana a masana amakhala atakanikiza kale mphuno pa mawindo, mphunzitsi wawo, a Irene Soko, ataima pakhomo akuyang'ana wotchi mosabisa.

Ndipo apa m'pamene Mainess analakwa, akudziwa kuti akulakwa. Tesiti yatsopano imafuna nthawi. Uyenera kupanga mafunso khumi ofanana kulemera ndi akale koma a manambala ena, kuwayankha wekha kuti uone ngati akutuluka bwino, n'kuwalemba ndi zilembo zazikulu pa pepala la manila, chifukwa kuwalemba pa bolodi kumadya kotala ya piriyodi. Iye anali ndi mabuku a sayansi osachonga, mapulani a maphunziro a mawa lake osalemba, ndipo manila anatha kusukulu. M'kabati munali pepala la tesiti yachitatu, lopindidwa bwinobwino. Analitulutsa ana akutuluka, n'kulitambasula pa tebulo kuti aone ngati makoswe analisiya lamoyo. Anadziuza kuti papita sabata yathunthu, ana aiwala. Anadziuzanso kuti mwana amene sadziwa njira sangakhoze olo funso likhale lakale. Sanafune kukumbukira kuti mayankho onse khumi anawakonzera pa bolodi yekha, ndipo ali m'mabuku a ana, olembedwa ndi manja awo.

"Mawa tesiti," anauza amene anali asanatuluke. "Mukaonenso zimene tinakonza sabata yatha."

Fortunate anali pakhomo akumanga chikwama chake. Anayang'ana pepala lija, n'kuyang'ana amadamu, n'kutuluka.

Lachisanu ana khumi ndi anayi aja analemba mwakachetechete, ndipo anamaliza msanga kuposa masiku onse. Mainess anachonga pa buleki, ataimirira. Khumi. Khumi. Zisanu ndi zinayi. Khumi. Buku la Leticia linali lachisanu ndi chimodzi pa mulu, ndipo munali khumi, mayankho ali ndondondo, oyera, opanda pofufuta. Kanthu kena kanamukanda mumtima poona kuti pa masamba onsewo panalibe posonyeza njira, panalibe pamene mwana anafunafuna nambala yapansi yofanana, mayankho okhaokha. Koma munthu wotopa akalandira nkhani yabwino saifunsa kumene yachokera. Analengeza m'kalasi kuti onse makumi asanu ndi atatu ndi anayi adziwa mafulakishoni, ndipo ana anaomba madesiki mpaka fumbi linabuka.

A Ngoma anamugwira chanza ndi manja awiri.

"Ndinakukayikirani, a Miti. Njira yanu ija ndi yochedwa, koma ikafika yafika. Mudzatifotokozere tonse pa msonkhano wa aphunzitsi."

Anakwera minibasi tsiku limenelo akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo atatsika anagula nkhuku.

Lolemba analemba madesimo pa bolodi. Lachiwiri, pofuna kulumikiza zatsopano ndi zakale, anapereka funso losavuta loti aphatikize 1/2 ndi 1/4, yankho alisandutse desimo. Ankayenda pakati pa madesiki, akulumpha miyendo ya okhala pansi, mpaka anafika kumbuyo. Leticia anabisa buku ndi chigongono. Mainess anachotsa chigongonocho mofatsa, ndipo pa tsambalo panali 2/6. Anayang'ana buku la mnyamata wa pambali pake, mmodzi mwa khumi ndi anayi aja, n'kupezanso 2/6. Anayang'ana lachitatu, ndipo sanafunenso kuyang'ana lachinayi.

Pa hafu thwelofu, ana a giredi foro akukankhana pakhomo, anatenga Leticia n'kupita naye kuseri kwa chipindacho, pamene khonde limapereka kamthunzi kopyapyala.

"Leticia, funso loyamba la Lachisanu linali lotani?"

"Yankho lake ndi 5/6, amadamu."

"Sindinafunse yankho. Funso linali lotani?"

Mtsikanayo anayang'ana zala zake za kumapazi.

"Lachiwiri?"

"7/12."

"Lachitatu?"

"1/4. Lachinayi 3/10. Lachisanu 11/15." Mawu ankatuluka okha, ndi kamayimbidwe, mutu ukugwedezeka pang'ono ngati pa kwaya. Anafika mpaka pa khumi osapunthwa, kenako anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Anakuphunzitsani ndani nyimbo imeneyi?"

"Fortunate, amadamu. Lachinayi titaweruka, pansi pa mtengo wa kumpira. Anati waona pepala, ndi lomwe lija. Tinaimba mpaka tonse tinaloweza. Musamukalipire. Tinamupempha tokha."

"Chifukwa chiyani? Unali pa zisanu ndi chimodzi, mwana iwe! Unatsala ndi ziwiri zokha!"

"Amatitcha mabuleki."

"Ndani?"

"Onse. Tikalowa m'kalasi amati, mabuleki afika, basi iima. Ku chitsime amanenanso. Amayi ake a Gift wa m'kalasi mwathu anauza amayi anga kutchalitchi kuti ana onse adzalephera chifukwa cha ine, poti amadamu analonjeza kuti sachoka mpaka ine ndidziwe." Misozi inali itayamba, koma mawu sananjenjemere. "Kale ndinkalephera ndekha, amadamu, palibe ankadziwa. Manje mudzi wonse ukudziwa."

Mainess anatsamira khoma. Anapsa mtima kwambiri, koma mkwiyowo unasowa pogwera. Ukapita kwa Fortunate unkabwerera, ukapita kwa Leticia unkabwerera, ndipo pomaliza unakhala pa iye mwini, amene anatambasula pepala lakale pa tebulo ana akuona. Anamva manyazi ofika m'mafupa. M'chipindamo ana a giredi foro anali atayamba kale kulakatula mathebulo a katatu mokuwa.

"Pita kunyumba," anatero. "Ndikonza."

Anapeza a Ngoma akudya chimanga chowotcha muofesi mwawo. Sanazungulire. Anawauza zonse, za pepala lakale, za nyimbo, za 2/6. A Ngoma anaika chitsononkho pansi n'kupukuta manja pa mpango, pang'onopang'ono.

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Mapiriyodi anayi. Atatu ophunzitsa, imodzi yoyesa ndi mafunso atsopano. Anawa ali pafupi, a Siniya, ndikulumbira."

A Ngoma anaimirira n'kuchotsa taimutebulo pa msomali, chipepala chachikulu cha timabokosi, chofufutidwa ndi kulembedwanso mpaka malo ena chinaboola. Anachiyala pa tebulo n'kumupatsa pensulo.

"Ndisonyezeni bokosi lopanda mwini, ndikupatsani pompano."

Mainess anawerama. Mawa, Lachitatu, linali Tsiku la Achinyamata, sukulu kulibe. Analoza Chingerezi cha Lachinayi.

"A Bizwell nawonso ali m'mbuyo ndi sabata imodzi, ndipo pepala lawo la zoni ndi loyamba. Akudyani wamoyo."

"Zojambula ndi nyimbo?"

"Anatenga kale a masewera, mpikisano wa zoni uli Lachisanu la sabata ya mawa."

"Masana, tikaweruka."

"M'chipinda chiti? Zonse zisanu ndi chimodzi zimadzaza mpaka faifi. Pansi pa mtengo, mvula ino? Ndipo theka la ana amenewo limaoloka kamtsinje. Mukawachedwetsa, mvula ya masana n'kuwatsekera tsidya lino, mudzagona nawo ndinu?"

"Loweruka."

"Mwezi wa Malichi, fodya ali pa kuthyola? Abwera atatu, ndipo adzakhala amene adziwa kale."

Pensulo inayenda bokosi ndi bokosi mpaka inafika pa Lachisanu, piriyodi yomaliza, n'kugwera kunja kwa pepala. Mainess anaiponya pa tebulo.

"Ndiye tiziwanamiza? Tizilemba kuti taphunzitsa, iwo azilemba kuti amva, chaka chithe?"

"Musandikalipire ine, a Miti, sindine ndinapanga sabata kukhala ya masiku asanu." Sanakweze mawu. "Mapiriyodi anu a masamu ndi anu. Ngati mufuna kubwerera ku mafulakishoni Lachinayi, sindidzaima pakhomo. Koma muwerenge bwino. Masamu atsala mapiriyodi asanu ndi atatu mayeso a zoni asanafike, mitu itatu. Mukatenga anayi kupatsa ana khumi ndi anayi, mwawachotsa kwa ana makumi asanu ndi awiri. Amenewonso ndi ana a anthu."

"Nanga Leticia si mwana wa munthu?"

"Ndi mwana wa munthu. Ndinamuphunzitsa giredi thuu, ndimamudziwa." Anabweza taimutebulo pa msomali n'kuiwongola. "Ndaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka chilichonse ndimasiya ena panjira ndikuwaona. Inu mwangochita kuwawerenga ndi kuwadziwa maina, n'chifukwa chake zikukuwawani."

Mainess anatuluka osatsazika, chinthu chimene anali asanachitepo kwa munthu wamkulu.

Lachitatu, achinyamata akuguba m'tauni ndi ng'oma zawo, iye anali pakhonde la nyumba yake ku Nabvutika ndi katoni ya sopo imene anapempha ku golosale. Anaing'amba n'kuiyala. Anapanga mafunso khumi atsopano, n'kuwayankha kawiri, n'kuwalemba ndi zilembo zoti wakumbuyo aziona. Anakonza ndi phunziro lonse, la mapepala opinda, njira imene anali asanayesepo. Anali atatsimikiza mtima kuti abwerera. A zoni alembe zimene alembe, a Ngoma anene zimene anene, koma mwana uja anali pa zisanu ndi chimodzi, ndipo masiku anayi akanamufikitsa.

Lachinayi analowa m'kalasi katoni ili m'khwapa. Ana anaimirira n'kupereka moni, ndipo anawakhazika pansi. Anafufuta deti la Lachiwiri n'kulemba latsopano. Kenako anayamba kutambasula katoni ija, ndipo a kutsogolo ataona manambala okhala ndi kamzere pakati, phokoso linayamba. Silinali lalikulu. Linali ngati la anthu a mu minibasi dalaivala akazimitsa injini pa siteji n'kutsika. Wina anatsonya. Fortunate anagoneka mutu pa desiki. Kenako mitu inayamba kutembenuka, umodzi umodzi, kuyang'ana kumbuyo, ndipo pakati penapake mawu aang'ono ananong'ona kuti, "Mabuleki."

Mainess anatsegula pakamwa kuti afunse amene wanena. Koma maso ake anakumana ndi a Leticia. Kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho mtsikanayo anali atawongola msana, akumuyang'ana amadamu ake m'maso mwenimweni. Manja anali atawaphatikiza pansi pa chibwano. Anapukusa mutu pang'ono, kamodzi, kawiri, ndipo milomo yake inanena popanda mawu kuti, chonde.

Mainess anaima choncho, katoni ili theka yotambasula. Akanatha kukalipa, kalasi ikanakhala chete, ndipo phunziro likanachitika. Koma pa hafu thwelofu iye akanakwera minibasi kubwerera ku tauni, Leticia n'kutsala nawo anzakewo panjira, ku chitsime ndi kutchalitchi.

Anapinda katoni ija n'kuiika pansi pa tebulo.

"Tsegulani pamene tinalekezera Lachiwiri," anatero, mawu ali ouma. "Madesimo."

Kalasi inapuma. Mabuku anatseguka, Fortunate anadzutsa mutu, ndipo mitu yonse inabwerera kutsogolo. Mainess analemba 0.75 pa bolodi n'kutembenuka kuti afotokoze. Kumbuyo kuja Leticia anali akumwetulira, kumwetulira kothokoza kwa munthu amene wamasulidwa, ndipo anawerama n'kuyamba kukopera mosamala kwambiri nambala imene sankadziwa kumene yachokera.